Phunziro: Chifukwa chimene Cp ya gasi imaposera Cv

Mukatsegula tebulo la manambala m'buku la fizikisi, mupeza kuti madzi alembedwa ndi nambala imodzi, chitsulo imodzi, kopa imodzi, koma pa mpweya pali manambala awiri, 1005 ndi 718. Onse awiriwa akuyankha funso limodzi: pakufunika majulo angati a kutentha kuti kilogalamu imodzi ya mpweya ikwere ndi digiri imodzi? Ophunzira ambiri amangoloweza kuti yaikuluyo ndi cp ndipo yaing'onoyo ndi cv. Akafika pa mayeso, amatenga imene yabwera koyamba m'mutu. Lero ndikufuna tione kumene majulo 287 apakati pa manambala awiriwa amapita, chifukwa munthu amene wawalondola mpaka kuwapeza sasokonezanso manambalawa.

Tiyambe ndi kugwirizana pa mawu. Temperecha ndi imene timawerenga pa themomita, ndipo tiziyeza m'makelivini, K. Kukwera ndi kelivini imodzi n'chimodzimodzi ndi kukwera ndi digiri imodzi ya Selisiyasi. Kutentha ndi mphamvu imene imachoka pa chinthu cha temperecha yokwera n'kulowa m'chinthu cha temperecha yotsika, ndipo timakuyeza m'majulo, J. Cv ndi kutentha kumene molo imodzi ya gasi ikufuna kuti ikwere ndi 1 K pamene voliyumu yake siikusintha. Cp ndi kutentha kumene molo yomweyo ikufuna kuti ikwere ndi 1 K pamene pulesha yake siikusintha. Tikamawerengera pa kilogalamu m'malo mwa molo timalemba ndi zilembo zazing'ono, cv ndi cp.

Masilinda awiri

Titenge masilinda awiri ofanana, iliyonse yotakata 500 cm² kukamwa kwake, kutanthauza kuti m'mimba mwake muli pafupifupi masentimita 25. M'silinda iliyonse tathiramo molo imodzi ya mpweya wamba, pafupifupi magalamu 29, pa temperecha ya 300 K (27 °C) ndi pulesha ya 100,000 Pa. Lamulo la magasi litiuza malo amene mpweyawo wadzaza:

```
pV = nRT,   R = 8.314 J/(mol·K)
V = 1 × 8.314 × 300 / 100,000 = 0.0249 m³
```

Amenewa ndi malita 24.9, choncho mpweyawo wafika pafupifupi masentimita 50 kuchokera pansi pa silinda. Pamwamba pake pali pisitoni yopepuka kwambiri, yosatulutsa mpweya. Pisitoni ya silinda yoyamba taimanga ndi mabawuti kuti isayende, pomwe ya silinda yachiwiri taisiya yomasuka, yoterereka bwino, ndipo chimene chikuipanikiza ndi mpweya wa kunja wokha. Cholinga chathu n'kukweza temperecha ya mpweya m'masilinda onse awiri kuchoka pa 300 K kufika pa 310 K.

Silinda yoyamba ilibe zambiri. Kutentha kukamalowa, mamolekyu amathamanga ndi kuzungulira mwachangu kuposa kale, amagunda makoma mwamphamvu ndiponso pafupipafupi, ndipo pulesha imakwera kuchoka pa 100,000 Pa kufika pafupifupi 103,300 Pa. Komabe makoma sanasunthe. Mu fizikisi ntchito imachitika pokhapokha chinthu chokankhidwacho chasuntha, ngakhale mutachikankha motani. Popeza palibe chasuntha, palibe ntchito yachitika, ndipo julo iliyonse imene talowetsa yatsalira mkati. Tikayeza timapeza kuti talowetsa majulo 208. Choncho Cv ya mpweya ndi 208 kugawa ndi 10, yomwe ndi 20.8 J/(mol·K).

M'silinda yachiwiri pulesha siipeza mpata wokwera. Ikangoposa ya kunja pang'ono pokha, pisitoni imasendera m'mwamba, mpweya umapeza malo ambiri, pulesha n'kubwerera pa 100,000 Pa. Zimenezi zimachitika pang'onopang'ono mpaka temperecha yafika pa 310 K. Tikawerengeranso voliyumu ndi T = 310 tipeza malita 25.8, ndipo ndendende kukula kwake ndi 0.000831 m³. Gawani nambalayi ndi kutakata kwa pisitoni, 0.05 m², mupeza kuti pisitoni yakwera masentimita 1.66 okha.

Pamenepa ndi pamene ambiri amapeputsa nkhani. Amafunsa kuti, pisitoni yopepuka itakwera masentimita osakwana awiri, ntchito yake ingakhale yotani? Amaiwala chimene chakhala pamwamba pa pisitoniyo. Mpweya wa kunja ukupanikiza mita iliyonse ya sikweya ndi manyutoni 100,000, ndiye pa 0.05 m² pali manyutoni 5,000. Kulemera kumeneku n'kofanana ndi matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50 atasanjikizidwa pa pisitoniyo. Sitikumva kulemerako chifukwa tinabadwira momwemo, koma gasi amene akufuna kukula ayenera kukunyamula. Ntchito yake ndi iyi:

```
W = F × d = 5,000 × 0.0166 = 83 J
W = pΔV = 100,000 × 0.000831 = 83 J
```

Njira ziwirizi zapereka yankho limodzi chifukwa kwenikweni ndi njira imodzi: pulesha kuchulukitsa ndi kutakata ndi kukankha kwa pa pisitoni, ndipo kutakata kuchulukitsa ndi mtunda ndi kukula kwa voliyumu.

Majulo 83 amenewa sanachokere kwina. Achokera m'kutentha kumene tinalowetsa. Tikafuna kuona mmene akutulukira, tiyang'ane molekyu imodzi. Ikagunda khoma lokhazikika imabwerera ndi liwiro lomwe inabwera nalo. Ikagunda pisitoni imene ikuthawa m'mwamba imabwerera ndi liwiro locheperako, chifukwa gawo lina la mphamvu yake lapita m'kusuntha pisitoniyo. Mamolekyu osawerengeka akamataya pang'onopang'ono chonchi, gasi yense amazizirako. Kuti temperecha ifikebe pa 310 K, moto uyenera kubweza zimene zatayikazo. N'chifukwa chake silinda yachiwiri imadya majulo 208 kuphatikiza 83, omwe ndi 291, ndipo Cp ya mpweya ndi 29.1 J/(mol·K).

Mungathenso kuitembenuza nkhaniyi. Mupatse masilinda onse awiri majulo 291 ofanana. Yomasuka idzakwera ndi 10 K, monga taonera. Yomangidwa idzakwera ndi 291 kugawa ndi 20.8, yomwe ndi 14 K. Kutentha n'kumodzi, mpweya ndi umodzi, koma mathemomita awiriwo sagwirizana, chifukwa silinda ina yagwira ntchito pomwe inzake sinagwire.

Chifukwa chake 208 yabweranso

Pali sitepe imene ndaidumpha mwachangu, ndipo wophunzira watcheru ayenera kundiimitsa. Ndatenga majulo 208 amene tinayeza m'silinda yomangidwa n'kuwagwiritsa ntchito m'silinda yomasuka. Ufulu umenewo ndaupeza kuti? Mpweya wa m'masilinda awiriwa sunathere pamalo amodzi: wina uli pa malita 24.9 ndi pulesha yokwera, wina pa malita 25.8 ndi pulesha yakale. Chimene akufanana ndi temperecha yokha.

Yankho lili m'chimene timatcha mphamvu ya mkati, U, yomwe ndi mphamvu yonse ya mamolekyu a gasiyo. Mu mpweya wa pa pulesha wamba mamolekyu amakhala motalikirana kwambiri, moti kukokana kwawo n'kochepa zedi. Ngati sakukokana, kuwatalikitsa sikudya mphamvu iliyonse. Mphamvu imene ali nayo ndi ya kuthamanga ndi kuzungulira kwawo basi, ndipo temperecha ndiyo muyeso wa zimenezo. Gasi amene mamolekyu ake sakokana konse, ndiponso amatsata pV = nRT ndendende, timamutcha gasi wangwiro. Kwa gasi wotere U imadalira temperecha yokha. Molo ya mpweya pa 310 K ili ndi mphamvu ya mkati yofanana, kaya ili m'malita 24.9 kapena 25.8.

Mfundoyi inayesedwa. James Joule, mu 1845, analumikiza zotengera ziwiri zakopa ndi kampopi, china chodzaza mpweya wopanikizidwa, china chopanda kanthu, n'kuzimiza zonse m'madzi. Atatsegula kampopi, mpweya unathamangira m'chopanda kanthucho. Voliyumu inakula, koma panalibe chokankha, choncho panalibe ntchito. Temperecha ya madziwo sinaoneke kusintha. Zoyesa za pambuyo pake, zokhala ndi zipangizo zomva bwino, zinasonyeza kuti magasi enieni amasinthako pang'ono, koma kwa mpweya wa pa pulesha wamba kusinthako n'kochepa moti tingathe kukunyalanyaza. Onani kuti kuyesa kwa Joule kukutiphunzitsanso china: kukula kwa gasi pakokha sikudya kutentha. Chimene chimadya kutentha ndi kukula mokankha chinthu.

Choncho kwa gasi wangwiro tingalembe ΔU = nCvΔT pa njira ina iliyonse, kaya voliyumu ikusintha kaya ayi. Kachilembo ka v kamanyenga ambiri. Kamangotikumbutsa mmene nambalayo inayezedwera, sikaletsa kuigwiritsa ntchito kwina. Chimene chili cha voliyumu yosasintha yokha ndi kunena kuti Q = nCvΔT, chifukwa ndi pokhapo pamene kutentha konse kumasanduka mphamvu ya mkati. Ndikukupemphani mulembe ziganizo ziwirizi m'makope mwanu motsatizana, mpaka muone kusiyana kwake ndi maso anu.

Tsopano tingalembe zonse m'mizere yochepa. Lamulo loyamba la kutentha ndi ntchito limati kutentha kolowa kumagawika pawiri, mphamvu ya mkati ndi ntchito imene gasi wagwira:

```
Q = ΔU + W
nCpΔT = nCvΔT + pΔV
pΔV = nRΔT   (p yosasintha)
Cp = Cv + R
```

Mzere wachitatu wachokera mu pV = nRT, ndipo ndi umene ukusandutsa ntchito ya pisitoni kukhala nambala yodziwika. Yesani ndi manambala athu: 29.1 kuchotsa 20.8 ndi 8.3, yomwe ndi R. Apa R yapeza tanthauzo logwirika. Ndi ntchito imene molo imodzi ya gasi imagwira pokankha zoizungulira ikatenthedwa ndi 1 K pa pulesha yosasintha. Mukagawa 8.314 ndi kulemera kwa molo ya mpweya, 0.029 kg, mupeza pafupifupi 287 J/(kg·K), majulo aja amene anali pakati pa 1005 ndi 718.

Wina angafunse kuti, kodi kumalo okwera, kumene mpweya wa kunja supanikiza kwambiri, ntchitoyi siichepa? Funso n'labwino. Ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pulesha ya mpweya imakhala pafupifupi 90,000 Pa. Molo yathu ija kumeneko idzadzaza malita 27.7, ndipo ikatenthedwa ndi 10 K idzakula ndi 0.000924 m³. Chulukitsani nambalayi ndi 90,000, mupezanso majulo 83. Katundu wa pa pisitoni wapepuka, koma pisitoni yayenda mtunda wautaliko, ndipo ziwirizi zafafanizana. N'chifukwa chake mu Cp = Cv + R mulibe p kapena V.

Magasi ena

Kusiyana kwa Cp ndi Cv n'kumodzi kwa magasi onse amene ali pafupi ndi ungwiro, koma Cv yeniyeniyo imasiyana, chifukwa mamolekyu sasunga mphamvu mofanana. Agoni ndi hiliyamu ndi magasi a atomu imodziimodzi. Atomu yotere ingasunge mphamvu m'kuyenda kokha, m'mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse imatenga theka la R. Choncho Cv yawo ndi 12.5 ndipo Cp ndi 20.8. Nayitirojeni ndi okosijeni, amene amapanga pafupifupi mpweya wonse, ali ndi maatomu awiriawiri ogwirana, ndipo kuwonjezera pa kuyenda amatha kupidiguka m'njira ziwiri. Njira zosungira mphamvu zakhala zisanu, ndiye Cv ndi 20.8 ndipo Cp ndi 29.1. Samalani apa: 20.8 ndi Cp ya agoni komanso Cv ya mpweya, ndipo nambala imodziyi yagwetsa ophunzira ambiri. Kaboni dayokusaidi, wa maatomu atatu, amathanso kunjenjemera ngakhale pa temperecha ya m'chipinda, moti Cv yake ili pafupifupi 28.8 ndipo Cp pafupifupi 37.1.

Popeza gawo la ntchito silisintha pomwe gawo la mkati limakula, kulemera kwa kusiyanaku kumachepa molekyu ikamachulukira maatomu. Pa kutentha konse kolowa pa pulesha yosasintha, agoni amatulutsa magawo awiri mwa asanu monga ntchito, mpweya magawo awiri mwa asanu ndi awiri, ndipo kaboni dayokusaidi amatulutsa osakwana kota. Akatswiri amakonda kulemba zimenezi ndi nambala imodzi, γ = Cp/Cv, yomwe ili 1.67 kwa agoni, 1.40 kwa mpweya ndi pafupifupi 1.29 kwa kaboni dayokusaidi.

Ngakhale kwa gasi mmodzi, manambalawa sakhazikika temperecha ikakwera kwambiri. Pa 1000 K mamolekyu a mpweya amakhala atayamba kunjenjemera, ndipo cp imafika pafupifupi 1142, cv pafupifupi 855. Onse akwera, koma chotsani muone: 287 ija sinasunthe.

Anthu awiri amene anakumana ndi kusiyanaku

Julius Robert Mayer anali dokotala wa m'tauni ya Heilbronn ku Jeremani. M'masiku ake kutentha kunkayezedwa m'makalori ndipo ntchito inkayezedwa ndi kulemera kwa katundu ndi kutalika kumene wakwezedwa, ndipo anthu ambiri sankaganiza kuti ziwirizi ndi chinthu chimodzi. Manambala awiri a mpweya anali atayezedwa kale. Mu 1842 Mayer ananena kuti kutentha kowonjezera kwa pa pulesha yosasintha sikunasowe ayi, kwasanduka ntchito yokankha mpweya wa kunja, ndipo ngati n'choncho tingathe kuwerengera kuti kalori imodzi ndi ntchito yochuluka bwanji.

Tingabwereze masamu ake ndi manambala a lero. Galamu imodzi ya mpweya imafuna makalori 0.2401 pa digiri ikakhala yomasuka ndi 0.1715 ikakhala yotsekeredwa, kusiyana kwake 0.0686. Ntchito yokankha, imene tingaipeze ndi pΔV popanda kuyeza kutentha kulikonse, ndi majulo 0.287. Gawani 0.287 ndi 0.0686, mupeza kuti kalori imodzi ndi pafupifupi majulo 4.18. Mayer anapereka yankho lake motere: kutenthetsa madzi ndi digiri imodzi n'kofanana ndi kuwagwetsa kuchokera pa mamita pafupifupi 365. Nambala yolondola ndi pafupifupi mamita 427. Anaphonya chifukwa manambala a mpweya amene analipo nthawi imeneyo sanali olondola kwenikweni, koma ganizo lake linali loona, ndipo n'chifukwa chake mabuku ambiri amatchula Cp − Cv = R ndi dzina lake. Kwa ine, palibe umboni wina womveka bwino kuposa uwu wosonyeza kuti kusiyana kwa manambala awiriwa ndi ntchito yeniyeni.

Winayo ndi Isaac Newton, amene anakumana nako asanakudziwe. Anawerengera liwiro la mawu mumpweya, koma yankho lake linali lochepa poyerekeza ndi zimene anthu ankayeza. Ndi manambala a lero, njira yake imapereka mamita 280 pa sekondi pa 0 °C, pomwe liwiro lenileni ndi 331. Njira ya Newton ili ngati kunena kuti temperecha ya mpweya siisintha mawu akamadutsa. Koma mawu amapanikiza ndi kumasula mpweya mofulumira, ndipo kutentha sikupeza nthawi yochoka pamalo opanikizidwa kupita pamalo omasulidwa. Ntchito yopanikizayo imatsalira mkati, temperecha imakwera, ndipo mpweya umalimba kuposa mmene Newton ankaganizira. Pierre-Simon Laplace anakonza zimenezi mu 1816 powonjezera γ:

```
v = √(γp/ρ)
280 × √1.4 = 331 m/s
```

Apa ρ ndi kulemera kwa mita imodzi ya kiyubiki ya mpweya. Mpaka lero kuyeza liwiro la mawu mu gasi ndi njira imodzi yabwino yopezera γ yake.

Pamene lamuloli limalekera

Cp − Cv = R ndi lamulo la gasi wangwiro. Gasi akapanikizidwa kwambiri, kapena akayandikira kusanduka madzi, mamolekyu ake amayandikana n'kuyamba kukokana moonekera. Tsopano kukula kumadya mphamvu pawiri, kukankha za kunja ndi kulekanitsa mamolekyu okokanawo, ndipo kusiyana kwa Cp ndi Cv kumaposa R. Kaboni dayokusaidi akayandikira 31 °C ndi pulesha ya pafupifupi 7.4 MPa, pamene gasi ndi madzi ake zimaleka kusiyana, Cp yake imakwera modabwitsa. Pamalo otere musagwiritse ntchito R, tsegulani matebulo a gasiyo.

Nanga bwanji madzi ali ndi nambala imodzi m'buku? Nawonso ali nazo ziwiri, kungoti zayandikana. Pa 25 °C, cp ya madzi ndi pafupifupi 4180 ndipo cv pafupifupi 4140, kusiyana kwa gawo limodzi mwa zana, pomwe kwa mpweya cp imaposa cv ndi magawo 40 mwa zana. Mpweya wa pa 300 K ukakwera ndi digiri imodzi umakula ndi gawo limodzi mwa 300, pomwe madzi amakula ndi gawo limodzi mwa pafupifupi 4,000, ndipo kilogalamu ya madzi ndi lita imodzi yokha. Ntchito imene kilogalamuyo imagwira pokankha mpweya wa kunja siifika ngakhale majulo 0.03. Choncho majulo 40 a kusiyanawo si a pΔV. Pafupifupi onse amapita m'kulekanitsa mamolekyu okokana. Musatenge kufotokoza kwa gasi n'kukuika pa madzi. Pafupi ndi 4 °C madzi sakula kapena kuchepa temperecha ikasintha pang'ono, ndipo pamenepo cp ndi cv zimafanana ndendende. Zimenezi zikutsimikizira muzu wa nkhani yonseyi, kuti popanda kukula palibe kusiyana. Nambala imene mabuku amalemba pa madzi ndi zitsulo ndi cp, chifukwa timazitenthetsa poyera, ndipo kuzimanga kuti zisakule konse n'kovuta kwambiri.

Posankha nambala

Musanagwire kakyuleta, dzifunseni kuti, kodi gasiyu ali ndi kokulira? Thanki yachitsulo yotsekedwa, botolo lolimba lotsekedwa, chilichonse chimene funso lati n'cholimba ndi chotsekedwa, ndi cha Cv. Pisitoni yomasuka, mpweya woyenda m'paipi ya choumitsira mbewu, mpweya wa pabwalo, zonsezi ndi za Cp.

Chipinda ndi chimene chimasocheretsa. Makoma ake sayenda, ndiye wophunzira amati voliyumu siikusintha, n'kutenga cv. Koma chipinda si thanki. Chili ndi mpata pansi pa chitseko, m'mazenera ndi kudenga. Mpweya ukatentha umakula, wina n'kutulukira m'mipatamo, ndipo pulesha ya mkati imakhala yofanana ndi ya kunja. Kalasi yokhala ndi mpweya wolemera makilogalamu 200 ikafuna kukwera ndi 5 K, yankho ndi 200 × 1005 × 5, pafupifupi majulo miliyoni imodzi. Wotenga 718 adzapeza majulo 718,000 ndipo adzakhala wachepetsa ndi kupitirira kota. Zikanakhala kuti kalasiyo ndi yotsekedwa ngati thanki, madigiri asanu amenewo akanakweza pulesha ndi pafupifupi 1,700 Pa, zomwe pa chitseko cha mamita awiri a sikweya ndi manyutoni oposa 3,000. Palibe amene anavutikapo choncho kutsegula chitseko chifukwa choti kalasi yafunda.

Zolakwa zina mungazigwire nokha poyang'ana yankho lanu. Ngati Cp yatuluka yochepa kuposa Cv, mwasemphanitsa. Ngati mwachotsa 8.314 pa 1005, mwasakaniza nambala ya pa molo ndi ya pa kilogalamu. Mnzake wa 1005 ndi 287, ndipo mnzake wa 29.1 ndi 8.314. Ngati ntchito yanu yatuluka majulo masauzande ambiri pa molo imodzi, mwina mwaiwala kusandutsa malita kukhala mamita a kiyubiki, pogawa ndi 1,000. Kumbukiraninso kuti p ya mu pV = nRT ndi pulesha yonse. Geji ya pampu ya matayala imaonetsa kokha kuchuluka kumene pulesha ya mkati yaposera ya kunja, choncho muziwonjezerapo ya mpweya wa kunja. Pomaliza, ΔT mungaitenge m'madigiri a Selisiyasi popanda vuto, koma T yokha ikakhala m'fomula iyenera kukhala ya makelivini.

Ntchito yanu yakunyumba ndi iyi. Mamolo awiri a agoni ali pansi pa pisitoni yomasuka, ndipo atenthedwa kuchoka pa 300 K kufika pa 350 K. Pezani kukwera kwa mphamvu ya mkati, ntchito imene gasi wagwira, ndi kutentha konse kumene kwalowa. Muyenera kupeza pafupifupi majulo 1,250, 831 ndi 2,080. Kenaka mangani pisitoniyo, lowetsani majulo 2,080 omwewo kuyambira pa 300 K, ndipo pezani temperecha yomaliza. Musanawerengere, lembani kaye ngati idzaposa 350 K kapena ayi, ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Tikakumananso ndidzayamba kuwerenga chiganizo chimenecho ndisanaone manambala anu.